Mwendo wa Amayi

Mudzi wa Nkhwayi,
Mauwa,
Chiradzulu.
6 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene a Timoti,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tonse tili moyo, ndipo mawu amenewa sindikulemba mwa chizolowezi chabe. Pa foni ndakhala ndikungokuyankhani kuti amayi akupezako bwino. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Lero akwana masiku 48 ndikubisa, choncho ndati ndilembe, popeza mawu anga amathawa ndikamva anu.

Mukudziwa kale kuti amayi anabayidwa ndi chitsa cha nandolo kuphazi lamanzere m'mwezi wa Meyi, ndipo chifukwa cha shuga wawo uja bala silinapole. Tinawagoneka kuchipatala cha pa boma Lolemba pa 3 Juni, ine ndikuwadikirira. Pa 5 Juni amayi a mpingo wathu wa Baptist anayamba kusala kudya. Anali 14, ndipo Mayi Nester, mtsogoleri wawo, anawagawa awiriawiri: awiri kusala tsiku lawo kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ndandanda wa maina ndinkasunga ndine. Amene tsiku lili lawo ankabwera pa njinga nthawi yoona odwala masana. Tinkaimba nyimbo imodzi motsitsa kuti tisasokoneze wadi, kuwerenga Mawu pang'ono, kenako kuwagwira amayi paphewa n'kupemphera. Pempho linali limodzi, lomwe munatiuza inu lija: mwendo upole, mpeni usawakhudze.

Amayi nawonso anafuna kusala. A nesi a Doreen atamva anawakalipira mwachikondi: “Agogo, inu mukubayidwa jakisoni wa shuga. Mukasala mukomoka, ndiye anzanuwa azipempherera ziwiri. Idyani phala, kusalako asale ndi awa onenepawa.” Mayi Nester anaseka mpaka misozi.

Koma phazi silinamve. Zala zinada, fungo linayamba, thupi n'kumatentha. Lachinayi pa 13 Juni adokotala anatiuza pamodzi ndi amayi kuti kuwolako kukukwera, ndipo akapanda kudula m'munsi mwa bondo, kulowa m'magazi. Anati sangachite kanthu mpaka mwini wake atavomera. Madzulo ake ndinakuimbirani, inu n'kunena kuti, “Eluby, wovomera zimenezo ndiye kuti wagonja. Amayi achoke m'chipatala ndi miyendo yomwe analowa nayo.” Ndinati chabwino, achimwene.

Pano ndiulule china. Pamene abambo ankadwala, ine ndi amene ndinatseka pemphero ndi mawu akuti kufuna kwanu kuchitike, ndipo mawa lake anatisiya. Kuyambira pamenepo mawu amenewo ndinkawalumpha. Ngakhale pa pemphero la Ambuye kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo. Ndiye zimene munanenazo zinandikomera, chifukwa zinabisa mantha anga.

Lamulungu pa 16 Juni, atatuluka m'mapemphero, anabwera abusa, madikoni awiri ndi amayi 9. A nesi analola anthu anayi okha pabedi, ena onse anaima panja pafupi ndi zenera. Abusa atatulutsa kabotolo ka mafuta odzozera odwala, Mayi Nester anati, “Abusa, dikirani pang'ono. Masiku 12 takhala tikupempha, koma mwini bedi sitinamufunse. NaPhiri, lero tikupemphereni chiyani?”

Amayi anatiyang'ana mmodzimmodzi. Kenako anati, “Mwaupempherera mwendowu mokwanira, zikomo. Nanga ine mwini wake mundipempherera liti?”

Anapitiriza: “Mulungu akafuna kuupoletsa, sangalephere, ndipo mpaka tsiku lolowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni ndikhala ndikuyembekeza. Koma akapanda kutero, sasiya kukhala Mulungu. Ine ndikufuna kuona ana a Eluby akukula. Mwendowu wandiyendetsa zaka 67, ngongole ulibe.”

Ine ndinati, “Nanga achimwene?”

Iwo anati, “Timoti ndinam'bereka ndine. Udzamuuze ndikadzakhala pakhonde.”

Abusa anawadzoza pamphumi, tonse n'kuyamba kupemphera nthawi imodzi, aliyense ndi mawu ake, a panja aja nawonso. Mayi wina wa Chikatolika, a Bibiana, amene ankadikirira mwana wake pabedi loyandikana, anagwada ndi korona wake m'manja. Mawu atazilala, abusa anati, “Eluby, titsekere.”

Ndinapempha kuti mwendo upole ngati n'kotheka. Ndinapempha kuti shuga atsike, magazi apezeke, manja a adokotala asanjenjemere. Nditafika pamalo paja ndinaima. Amayi anandifinya dzanja. Ndiye ndinanena: “Atate, amayiwa ndi anu kuposa mmene alili athu. Kufuna kwanu kuchitike.” Ndinatsegula maso msanga kuti ndione ngati akupuma. Ankandiyang'ana, akumwetulira.

Lolemba adokotala anaonanso bala. Silinasinthe. Amayi anadinda chala papepala lovomereza opaleshoni, ine ndinasaina ngati mboni. Dzina lili pamenepo ndi langa, choncho ngati pali wom'kwiyira, ndine.

Panafunika magazi, ndipo anabwera anthu 7 a mpingo. Awiri anali a tsiku losala, ndipo a nesi anakana kuwatenga ali ndi njala. Awiriwo anadandaula kuti aphwanya lonjezo. Mayi Nester anawagulira mbatata yowotcha pageti nati, “Idyani. Lero pemphero lanu lituluka pamkono.”

Lachitatu pa 19 Juni analowa nawo ku fiyeta 9:20 m'mawa. Ife tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, ndipo amayi a mipingo ina amene ankaphika pamenepo anasiya mapoto n'kudzakhala nafe. Sindinawerenge nyimbo zimene tinaimba, ine wowerenga chilichonse. 11:45 a Doreen anatulukira n'kukweza chala chachikulu. Nthungululu zake, mlonda anachita kubwera kudzatitontholetsa, koma naye ankaseka.

Sizinali zophweka. Sabata yoyamba amayi ankalira kuti zala za phazi lomwe kulibe zikuwawa, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati analakwitsa. Tinalira tonse. Koma thupi linazizira, bala la opaleshoni linauma bwino, ndipo Lachiwiri pa 9 Julayi tinatuluka, patatha masiku 36.

Dzana, Lamulungu pa 4 Ogasiti, tinawakweza pa njinga kupita kutchalitchi koyamba. Pakhomo madikoni anafuna kuwanyamula, iwo anati, “Ndinyamuleni tsiku la maliro anga, osati lero.” Anatenga ndodo zawo ziwiri zoyendera. Kuchokera pakhomo mpaka pa benchi lawo la kutsogolo anaponda ka 23. Ndinawerenga. Pofika pa 10 mpingo wonse unali utaimirira, amayi a mpingo akuvina ndi zitenje m'mwamba, abusa akulephera kuyambitsa mwambo. Amayi atafika pa benchi anatembenuka nati, “Munapempha mwendo, Mulungu wakupatsani munthu. Mwapindula kapena mwaluza?” Tchalitchi chinagwedezeka.

Achimwene, simunalakwe kupempha zimene munapempha. Munali kutali ndipo munkawakonda. Ine ndinalakwa pokubisirani, ndipo ndikupempha mundikhululukire. Mukaimba, muimbe cha m'ma 4 koloko, amakhala ali pakhonde akusenda nandolo.

Akupereka moni Mayi Nester, abusa, ndi ana onse. Mupereke moni kwa alamu. Amayi akuti nsapato za tchalitchi munalonjeza zija musasinthe maganizo, sayizi ikadali 6. Akuti mugule zonse ziwiri. Yakumanja azivala, yakumanzere asunga pawindo kufikira tsiku limene Ambuye adzawabwezere mwendo wawo. Koma akuti musatumize pa basi. Mubwere nazo nokha, mudzawaveke.

Ndine mlongo wanu,
Eluby.