Ulusi Wofiira wa M'kolala

Lolemba, 3 Juni

Mtsogoleri wa gulu lathu la zisudzo akufuna sewero la mphindi makumi awiri, loti tidzaonetse mu holo ya pasukulu mwezi wamawa. Ndavomera kulemba. Nkhani ndili nayo kale, yanga yomwe.

Miyezi inayi chimwalirireni amayi. Ndikutibe amayi. Kuchipatala, kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anandiuza kuti sanandibereke ndi iwo. Anandibereka ndi achemwali, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Sindinalire, mpaka lero. Ndimadya, ndimapita kuntchito, basi.

Achemwali akudziwa kuti ndinauzidwa. Sitinakambepo. Alamu, amuna awo, sadziwa kanthu, ndipo nkhaniyi ikatuluka ukwati uja sindikuuona. Vuto lake alamuwo sajomba pa masewero anga. Mpando wakutsogolo, kuomba m'manja pasanafike poombera.

Lachitatu, 5 Juni

Pepala ndaligawa pakati. Kumanzere zoona, kumanja zam'sewero. Mayina onse ndasintha. Ine ndasanduka mwana wamwamuna. Achemwali, telala, asanduka namwino. Amalume atatu ndawaphatikiza kukhala mmodzi wolongolola, kuti pasapezeke woti ameneyo ndine. Nyumba yathu ya pafupi ndi njanji ndaisamutsira kuseri kwa msika. Chipatala ndachotsa, chinsinsi chikuululika m'kalata. Nthawi ndaibweza m'mbuyo zaka khumi.

Chimodzi chokha ndasiya momwe chinalili. Yunifolomu iliyonse imene achemwali ankandisokera, mkati mwa kolala ankaikamo timizere titatu ta ulusi wofiira. Ine ndinkangoti n'chizindikiro choti isasokonekere ndi za anzanga. M'sewero mwana uja akuzindikirira pamenepo.

Loweruka, 8 Juni

Tawerenga koyamba ndi gulu. Ndawauza kuti ndi nkhani ya banja lina. Titamaliza, wosewera mnzanga wotidziwa bwino kwathu anati, "Namwino wolera mlongo wake ngati mwana wake, ameneyu si msuweni wako uja?" Onse kuseka.

Mayo ine. Pobisa wina ndaloza wina, wosalakwa. Msuweni wangadi ndi namwino ndipo ali ndi mlongo wamng'ono. Ndinaiwala bwanji?

Ndalemba ntchito za achibale onse, azakhali ndi apongozi awo omwe. Wophika buledi palibe. Namwino wasanduka wophika buledi.

Mtsogoleri amafuna pa chikwangwani palembedwe kuti ndi nkhani yoona, ati zimakoka anthu. Ndakana kwamtuwagalu. Wavomera, koma wati, "Ngati mwini nkhani ali moyo, aimve kaye yekha anthu asanaimve. Akakana, sewero palibe." Ndinkadziwa. Ndinkangozemba.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndinafika pakhomo pa shopu ya achemwali. Mkati makina akulira. Ndinaima, n'kubwerera. Mvula. Nsapato yakumanja ikulowa madzi.

Lachisanu, 21 Juni

Masiku khumi osagwira cholembera. Gulu likuyeserera lopanda ine. Ndawauza kuti chimfine.

Loweruka, 22 Juni

Ndapita masana, alamu ali ku mpira. Achemwali anatseka chitseko cha shopu. Ndinawauza kuti ali ndi ufulu wochotsa chilichonse, ngakhale kuletsa lonse. Anangoti, "Tawerenga, ndikumva."

Ndinawerenga iwo akupinda mpendero wa siketi, osadzutsa mutu. Pa amalume anaseka pang'ono. Pa wophika buledi anati, "Ine buledi? Ndikanapha anthu." Nditafika pa ulusi, singano inaima.

"Uwo chotsa. Alamu ako amaudziwa. Ndimaika pa zovala za ana anga okha."

Ana anga okha. Ana awiri amene anabereka ndi alamu ndawachapirapo zovala kangati, osatembenuza kolala? Chitsiru ine. Ndinasintha mayina, nyumba, zaka, n'kusiya chinthu chokhacho chimene alamu akanachizindikira ali pampando wawo wakutsogolo.

Ndinaufufuta iwo akuona. Sewero lonse linakhazikika pa ulusi umenewo. M'malo mwake tagwirizana kuti wophika buledi azisungira mwanayo chidutswa cha kumapeto, chouma chija, tsiku lililonse. Zopeka zokhazokha, palibe angatilozere. Anati pepala la mbali ziwiri lija ndiliotche, ndipo ndinaliotcha pomwepo pa mbaula yotenthetsera simbi.

Mapeto ndinawerenga mothamanga. Mwana uja ataima pakhomo pa bekale, n'kuitana kamodzi kokha, "Amayi." Ndinafunsa ngati amenewonso ndichotse.

Anati, "Amenewo asiye. Koma wawerenga ngati ukuwerenga chidziwitso cha maliro. Tabwereza."

Ndinayang'ana pepala n'kubwereza. Anati ndiike pepalalo pansi. Ndinaliika pa makina. Ndinabwereza kachitatu, ndikuwayang'ana.

Anayankha, "Ndili pano."

Sindikutha kulemba bwino. Mawa ndi...