Andidulira Ndime Yachitatu

Lachinayi, ku Magodi. Tsiku loipa.

Atcheyamani achipani anabwera kudzamva nyimbo yanga ya msonkhano wa Loweruka. Ndime yoyamba, mayi akusesa pabwalo poti mwana wake akubwera kuchokera kumigodi. Yachiwiri, abale asonkhana, mbuzi yaphedwa, lole ikumveka. Ndinasamala osatchula misozi kuti omvera aziyesa ndi phwando. Yachitatu, lole yaima, akutsitsa bokosi.

Atcheyamani anaombera m'manja ziwiri zoyambazo. Itatha yachitatu anati, "Amama, iyi chotsani. Alendo asamve zamaliro."

Popanda yachitatuyo nyimboyi ndi bodza. Loweruka ndiima kutsogolo n'kumaimba kuti mwana wanga Yohane akubwera, anthu akuvina ndi kululutira, pamene ine ndikudziwa chimene chili mu lolemo.