Amayi akuti ukwati wa ku ofesi ndi wa akuba

Aphungu,

Ndine mkazi wa zaka 31, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa. Ndimagwira ntchito pa shopu yobwereketsa madiresi a ukwati. Ndimayeza akwatibwi, kusita madiresi ndi kuchotsa madontho akawabweza. Lachisanu amatenga diresi akumwetulira, Lolemba amalibweza m'jumbo maso ali psuu, akukangana ndi amuna awo pakhomo pa shopu za amene amalize kulipira holo. Ndiye za kudula kwa ukwati palibe angandiphunzitse.

Bwenzi langa amawotcherera mageti ndi mawindo. Takhala pachibwenzi zaka zinayi. Kawiri konse tinasankha tsiku la ukwati, kawiri konse zinalephereka, chifukwa komiti imene amayi anga anaika inabwera ndi bajeti yoti ukaiona mutu umazungulira: holo, magalimoto, operekeza khumi ndi awiri, wojambula kanema, alendo odzaza bwalo la mpira. Ndalama imeneyo ingamugulire mnzangayo makina akeake owotcherera, poti mpaka lero amachita kubwereka. A komitiwo polemba bajeti anali akatswiri, koma itafika nthawi yosonkha mafoni awo onse anathera moto tsiku limodzi.

Koma chimene chikundiopsa kwenikweni si ndalama. Ndi zimene zinawachitikira akulu anga. Iwo anachititsa ukwati wa dzaoneni ku mpingo wa amayi, umene umapemphera m'holo ya lendi pamwamba pa sitolo ya matayala. Abusa anawapatsa pepala lokongola, la nkhunda ziwiri ndi maluwa m'mbali. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri alamu anga anachoka pakhomo, kenako tinangomva kuti akwatira mkazi wina ku ofesi ya boma yolembetsa maukwati. Akulu anga anathamangira komweko ndi pepala lawo la nkhunda. A ku ofesiko anafufuza m'mabuku, dzina lawo silinapezeke. Anawauza kuti holo ija ndi abusawo sanalembetsedwe kuti azimangitsa maukwati odziwika ndi boma, ndipo ngati akufuna kumenyera zawo apite ku khothi akatsimikize ndi mboni kuti analidi pabanja. Mphamvu zimenezo analibe. Lero amagona pabalaza pa amayi ndi ana awiri, matiresi awo ali pansi penipeni pa chithunzi chachikulu cha ukwati wawo womwewo. Amayi akukana kuchichotsa, akuti alendo amachiyamikira.

Ndiye ine ndi bwenzi langa tinagwirizana zopita ku ofesi ija mwakachetechete. Tinapereka ziphaso zathu, tinadzaza fomu yodziwitsa kuti tikufuna kukwatirana, tinalipira kandalama kochepa kuposa kobwerekera diresi lotchipa pa shopu pathu. Maganizo athu anali oti tikasaina kaye, makolo tidzawauze zitatha. A ku ofesiko anatiuza kuti fomuyo aipachika kwa masabata atatu, koma ife tinkaganiza kuti ndi penapake mkati, poona ogwira ntchito okha. Kumene aipachika ndi pa bolodi la pakhonde, pafupi ndi windo limene anthu amalipirira misonkho ya malonda. Azakhali anga, amene amagulitsa nsalu, ali pamzere anayamba kuwerenga mapepala pofuna kutaya nthawi. Anapeza dzina langa, la mnzangayo, ntchito zathu ndi kumene timakhala. Dzuwa lisanalowe banja lonse linali litamva.

Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Anandikhazika pabalaza pomwe paja n'kunena kuti: “Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphika ndi kusonkha pa maukwati a ana a anzanga. Lero nthawi yanga yafika, iwe ukukakwatiwa ngati wakuba, pakati pa anthu odzalipira misonkho?” Ndinawakumbutsa kuti nthawi yawo inafika kale pa akulu anga, ndipo zotsatira zake tikuzilumpha m'mawa uliwonse popita kukhitchini. Anandiyankha kuti: “Mkulu wako ngakhale anasiyidwa, anthu anaona kuti anakwatiwa.” Akulu anga anali pomwepo akupinda zofunda za ana.

Panopa amayi akufuna abusa omwewo, holo yomweyo, komiti yomweyo. Atuma amalume kudzandiuza kuti ndikapitiriza apita ku ofesi kukaletsa, ndiponso kuti ndisadzawaitane pa chilichonse cha m'banja langa. Masabata atatu aja atha, chilolezo chatuluka, ndipo atiuza kuti pakatha miyezi itatu tisanamange, zonse ziyambirenso. Bwenzi langa, munthu wosakonda kuyankhula, wandiuza kuti: “Ndadikira kawiri. Pepala ili likatha ntchito, kachitatu sindidzabweranso.” Sindikumuimba mlandu.

Aphungu, ndine Mkhristu, ndipo nanenso ndinkalota nditavala limodzi la madiresi amene ndimasita. Kodi ukwati wa ku ofesi ndi wosakwanira pamaso pa Mulungu ndi anthu? Amayi angathedi kuuletsa? Nditaye amayi kapena nditaye mwamuna?

N. K.,
Kuseri kwa depoti ya mabasi


Mwanawe N. K.,

Tiyambe ndi pamene unalakwa, kuti tipite chitsogolo. Ukwati wobisa kulibe, ngakhale ku ofesi. Bolodi lija analiika pakhonde dala, kuti wodziwa chifukwa chokuletsani kukwatirana aone n'kunena. Amayi ako anamva za ukwati wa mwana wawo kuchokera pamzere wa misonkho, ndipo zimenezo zimapweteka kholo lililonse. Pita ukapepese chifukwa chowabisira. Upepese chimenecho chokha, usapepese chifukwa chofuna ukwati wodziwika ndi lamulo.

Za kuletsa usade nazo nkhawa kwambiri. Munthu wopita kukatsutsa ukwati amayenera kupereka chifukwa chimene lamulo limachimva: kuti mmodzi wa inu ali kale pabanja, sanafike pa msinkhu, mukukakamizidwa, kapena ndinu achibale apafupi. Kukhumudwa kwa kholo sikuli pamenepo. Uli ndi zaka 31, chilolezo cha amayi n'chofunika mumtima, koma wolembetsa maukwati sachifunsa. Chimene angathe ndi kukuchedwetsani pamene dandaulo lawo likuunikidwa, ndiye musazengereze mpaka sabata yomaliza. Mawa pita ku ofesiko ukafunse tsiku lenileni limene chilolezo chanu chithere, ndipo musankhe tsiku lomangitsa pomwepo.

Tsopano usiyanitse zinthu zitatu zimene kwanuko zasakanizidwa mumphika umodzi. Pali lamulo, pali dalitso, pali phwando. Lamulo limafuna inu awiri, mboni ziwiri zachikulire, munthu wololedwa kumangitsa ukwati, zitseko zotsekula, ndi kusaina m'buku la boma. Dalitso limafuna abusa ndi pemphero. Chimene chimamaliza anthu ndi phwando, ndipo phwando silinalembedwe m'buku la boma kapena m'Baibulo.

Usatengere nkhani ya akulu ako n'kuganiza kuti ukwati wa kutchalitchi ndi wopanda mphamvu. Mipingo yambiri inalembetsedwa, imalengeza maina Lamlungu katatu, ndipo setifiketi imene imapereka ndi yovomerezeka chimodzimodzi ndi ya ku ofesi. Vuto ndi mpingo umene ulibe chilolezo koma sunena. Funso lake ndi losavuta: abusa, kodi inu ndi nyumba ino muli ndi chilolezo cha boma chomangitsa maukwati? Yankho ukalitsimikize ku ofesi konkuja, usadalire nkhunda za papepala.

Malangizo anga ndi awa. Kamangeni ku ofesi chilolezo chisanathe. Kenako mupemphe abusa a amayi akudalitseni pa mapemphero a Lamlungu wamba, mutawaonetsa setifiketi yanu. Kumeneko ndi kudalitsa chabe, simulembetsanso kachiwiri. Diresi uvale, bwana wako sangakumane limodzi mwa madiresi amene wawasita zaka zonsezi. Amayi aitane anzawo a kumpingo amwe tiyi pakhomo, monga mwa thumba lanu. Komiti ija muithokoze, ipume. Abusa akakana kudalitsa popanda holo ndi magalimoto, udziwa kuti chimene ankafuna sichinali dalitso.

Zimenezi ukawauze amayi wekha, osati kudzera mwa amalume, ndipo bwenzi lako akhalepo. Iyenso umuuze kuti kutopa kwake kukumveka, koma banja siliyamba ndi kuopsezana. Ukawaitane amayi ku ofesiko mwaulemu, uwauze tsiku ndi ola. Ndipo mboni yako ikhale akulu ako. Munthu amene uja wakhala akumva nkhani yake ikukambidwa ngati palibepo, mpatse cholembera asaine pamalo aulemu. Mukatuluka, mupite nawo ku ofesi yothandiza anthu pa malamulo mwaulere. Kusapezeka m'buku sikutanthauza kuti alibe chawo, ndipo bambo wa ana aja ayenera kuwasamalira, pepala likhalepo kapena ayi.

Chenjezo langa lili pawiri. Ukwati wa ku ofesi ndi wotchipa polowa, koma si wamasewera. Ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo umatha ndi khothi kapena imfa basi. Usasaine chifukwa chopsera mtima amayi. Usaine chifukwa wowotcherera uja ndi amene ukumufunadi. Setifiketi mukalandira muone ngati maina alembedwa monga alili pa ziphaso, muijambulitse pa fotokope, ina usunge wekha.

Chachiwiri n'chowawa. Mwina amayi sabwera. Mwina udzasaina ukuyang'ana pakhomo, ndipo pakhomopo padzangodutsa anthu a misonkho. Sindikulonjeza kuti adzafewa msanga, chifukwa mayi amene amasunga chithunzi chija pamwamba pa mwana wake wosiyidwa anasankha kale maso a anthu. Udzalira, ndipo ulire ndithu. Koma usabwerere m'mbuyo. Khoma la pabalaza paja lili ndi malo a chithunzi chachiwiri, koma pansi pake palibe malo a matiresi ena.

Aphungu