Ndinaseka m'chigafa, alamu anga akwiya

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 69. Ndimakhala kufupi ndi pa Santhe, kumudzi kwa amuna anga, a Jeremiya, kumene ndinabwera pachitengwa ndili mtsikana. Iwowo anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ana athu anayi onse ali m'tauni.

Zamwambo zonse zinachitika. Tinameta, ndinavala zakuda chaka chathunthu, kenako amayi a Mvano anabwera kudzandivula zakudazo ndi pemphero, nandiveka chitenje chamaluwa. Akuchimuna anandisudzula bwinobwino, nati nyumba ndi munda ndi zanga, ndisapite kulikonse. Chiliza tinamanga chaka chachitatu. Koma ine kutuluka sindinatuluke. Kutchalitchi ndinkakhala benchi lakumbuyo, n'kuchoka nyimbo yomaliza isanathe kuti ndisapatsane moni ndi anthu. Poyamba amayi ankabwera kudzandichezera. Ndinkawayalira mphasa, n'kumangoyankha "eya" ndi "ayi" mpaka atsanzike. Kenako anatopa. Amene ndinkakumana nawo kumjigo ankatsitsa mawu, "Pepanitu mayi," ngati maliro achitika dzulo. Ndikafika pamene anthu akuseka, onse ankati zii. Ndinaona kuti ndikuwalemetsa, ndiye madzi ndinayamba kutunga masana dzuwa lili paliwombo, kumjigo kulibe munthu.

Mwezi wa Epulo chaka chino nkhuku yanga inalowa m'chigafa cha a Samsoni, amene tinayandikana nawo nyumba. Mukudziwa kuti nthenga imodzi ikapezeka m'belo la fodya, ku okushoni amalibweza, choncho ndinaitsatira msanga. M'katimo munali amayi asanu akusankha fodya. Anayi anali apamudzi pano, ndipo atandiona anasiya nkhani yawo. Wachisanu sindinkamudziwa. Ndi Patuma, mkazi wa tenanti watsopano wochokera ku Machinga, ndipo nayenso sankandidziwa.

Ndinamuona akuika tsamba lapansi, lopyapyala lija, pamulu umodzi ndi masamba apakati. Ine ndasankha fodya ndi a Jeremiya zaka makumi anayi, mtima sunandilole. Ndinati, "Mwanawe, tsamba ilo si la pamenepo." Iye osadzutsa n'komwe mutu anati, "Agogo, fodya sasankha ndi pakamwa. Ngati mukudziwa khalani pansi, ngati simukudziwa tengani nkhuku yanu muzipita."

Amayi enawo anayang'anana, wina mpaka anamutsina. Ine ndinatulutsa nkhuku ija n'kubwerera kudzakhala pansi. Ndinamuonetsa kuyala tsamba pabondo, kuona mtundu, kutalika ndi kukhuthala kwake, ndi kupatula lobiriwira ndi lankhungu. Patapita kanthawi anayang'ana kamulu kanga nati, "Maso alipo, agogo, koma liwiro limeneli belo lathu likafika ku okushoni msika atatseka."

Aphungu, ndinaseka. Kusekako kunamveka kwachilendo, ngati chitseko chimene chakhala osatsegulidwa. Pobwerera kunyumba ndinkafulumira kuti ndikawauze a Jeremiya za mwana wamwano ameneyu. Ndinakumbukira kuti anatisiya nditagwira kale chitseko. Ndinalira masana onse, ndipo thupi linatopa ngati ndalima ndime ziwiri.

Koma m'mawa mwake ndinapitanso, poti fodya amasankha kukadali chinyezi, tsamba lisanayambe kufumbutuka. Ndinapita milungu isanu. Amayi aja anazolowera, anasiya "pepani" n'kuyamba kundiuza miseche ya zaka zisanu ndi chimodzi imene inandipita. Tinkadyera limodzi mbatata yootcha, ndipo ndinaona kuti ndikumaliza yanga, pamene kunyumba chakudya ndinkangochilawa. Tsiku lina ndinapezeka ndayambitsa nyimbo, monga ndinkachitira kale.

Tsiku limenelo ndi lomwe anadutsa alamu anga a Feggie, mlongo wawo wa malemu. Anaima pakhomo pa chigafa nati, "Kani mano alipo, alamu? Kumaliro miyendo imakulemerani, kuchigafa mukuthamanga."

Ndikuuzeni chilungamo pa za maliro akunenawo. Zaka ziwiri zapitazo mwana wawo Raymond anamwalira pangozi ya njinga yamoto. Ndinapita, ndinakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi ena. Koma atayamba nyimbo yomwe anaimba potulutsa bokosi la a Jeremiya, mpweya unandithera. Ndinatulukira kuseri, ndinadzera m'munda wa chimanga mpaka kwathu. Kumanda sindinafike, pometa panalibe ine. Ndinangotumiza ufa. Chichokereni apo timangopatsana moni wapanjira.

Kuyambira tsiku la mawu awowo sindinapitenso kuchigafa, ino ndi sabata yachiwiri. Patuma anabwera kudzaima pabwalo, "Agogo, mwadwala kapena mwayamba kunyada?" Akuti kumapeto kwa mwezi uno kuli ukwati wa Gladness, mwana wa a Samsoni, ndipo amayi akufuna ndikakhale nawo pophika thobwa ndi kuwayambitsira nyimbo. A Feggie adzakhalapo.

Mtima ukufuna kupita. Koma ndikuopa kuti ndikunyoza malemu, ndipo ndili pamudzi pa eni ake. Kodi ndipite, kapena ndibwerere m'nyumba momwe ndinalili?

F.M., Santhe, Kasungu

Amayi F.M.,

Pitani. Koma musanafike pa thobwapo pali khomo lina loti muyambe mwagogoda.

Tiyambe ndi a Jeremiya, poti nkhani yawo ndi yosavuta. Mwambo unakupatsani nthawi yolira, ndipo unakuuzaninso tsiku lomaliza. Anakumetani, a Mvano anakuvulani zakuda, akuchimuna anakusudzulani. Inu pamwamba pa chaka chimene anakupemphani munaonjezapo zisanu mwa kufuna kwanu. Boma likanakhala ndi antchito odzipereka chonchi, bwenzi msewu wakwanu uli wa phula. Palibe mpingo kapena mwambo umene mwaulakwira poseka. Ndipo taonani munthu woyamba amene munafuna kumuuza nthabwala ija. Munthu woiwala mwamuna wake sathamangira kunyumba kukamuuza nkhani.

Kulira kwa masana aja kusakuopseni, ndipo kudzabweranso. Chisangalalo choyamba chimawawa chifukwa chimakuonetsani amene palibe woti mugawane naye. Kutopa nakonso n'kwachibadwa. Kucheza ndi ntchito, ndipo mwendo umene wakhala m'chikhakha suyamba ndi kuthamanga. M'chigafa zinatheka chifukwa manja anali ndi chochita, maso anali pa tsamba, panalibe wokuyang'anitsitsani kuti aone ngati mukulira. Anthu akwanu anakulemekezani mpaka anakuiwalani muli moyo, inunso n'kuwathandiza potunga madzi masana. Patuma yekha, posadziwa kuti ndinu ndani, anakulankhulani ngati munthu. Aphungu enafe tinapita kusukulu zaka zambiri kuti tiphunzire zimene iye anachita ndi chiganizo chimodzi chamwano.

Tsopano a Feggie. Werenganinso mawu awo. Sanatchule mlongo wawo, anatchula maliro. Iwo sakukwiyira kuseka kwanu. Akukwiyira malo anu amene anali opanda munthu tsiku loika Raymond. Inu mukudziwa za nyimbo ija ndi za mpweya umene unakutherani. Iwo akudziwa za msana wanu ukulowa m'chimanga, ndi ufa umene unabwera wopanda mwini wake. Zaka ziwiri akhala ndi chithunzi chimenecho. Ndiye akakupezani mukuimba, mukufuna anene kuti chiyani? Apa munalakwa, mayi, ngakhale simunachitire dala.

Sabata ino, osadikira tsiku la ukwati, pitani kwawo m'mawa. Tengani nkhuku kapena lichero la ufa, munyamule nokha, monga amachitira munthu wodzapepesa maliro amene anamupita. Musatenge abusa kapena gulu la Mvano, poti pamaso pa anthu a Feggie adzangoti "palibe kanthu" mano ali gwa. Mukakhale pansi, mukatchule dzina la Raymond, ndipo mukanene zimene mwandiuza inezi, mwachidule. Mawu oti "koma inenso ndinali pachisoni" muwasiye kunyumba. Akalankhula zowawa, mvetserani mpaka amalize. Zimenezo anayenera kukuuzani kalekale, koma munali mutatseka chitseko.

Mukafunsenso mumtima mwanu kuti kwa a Feggie kumapita ndani masiku ano. Mayi amene waika mwana wamkulu, anthu amamutsitsira mawu kumjigo ngati mmene ankachitira ndi inu. Pamudzi ponsepo, amene akudziwa bwino mmene zimakhalira ndinu.

Mukachoka kumeneko bwererani kuchigafa fodya asanathe kulowa m'jeke yodindira mabelo. Pa thobwa pitani tsiku lophika, mugwire mthiko, muyambitse nyimbo imodzi kapena ziwiri. Tsiku la ukwati lenilenilo, ndi zimkuzamawu zake zija, mukhoza kungokhala ola limodzi. Muuziretu mayi mmodzi kuti misozi ikabwera akuperekezeni panja osaitana mudzi wonse. Mukatopa tsanzikani, anthu akuoneni mukuchoka ndipo adziwe chifukwa chake.

Chenjezo langa ndi ili. Fodya akagulitsidwa chigafa chidzakhala chopanda munthu, ndipo matenanti ambiri amakwera lole kubwerera kwawo. Patuma mwina sadzakhalapo mvula ikamagwa. Musamangirire moyo wanu wonse pa iye. Amayi anayi aja ndi apamudzi, yambani kupita nawo kumjigo m'mawa, ndipo kutchalitchi sunthirani benchi limodzi kutsogolo n'kudikira moni. Mukadzaona kuti kusadya ndi kudzitsekera kwabwerera kwa milungu ingapo, kauzeni a chipatala, musadikire kuti zithe zokha.

A Feggie mwina sakakulandirani bwino ulendo woyamba. Pitaninso kachiwiri, ndi kachitatu. Koma kukhululuka kwawo kukachedwa, pa thobwa mupitebe. Kwa alamu anuwo mukukapepesa maliro a Raymond. Simukukapempha chilolezo chokhala moyo.

Aphungu