Ndime Yachitatu

Lolemba, 15 Setemburu

Kutentha kwayamba. Fani akungozunguza mpweya wamoto.

M'mawa ndapezanso chitseko chosapiringidza. Chitsulo chili chiimire pakona. Ndi Tiyamike, mwana wanga. Ine ndimapiringidza tikamagona, iye amadzuka mwakachetechete n'kuchotsa. Chiyambireni maliro a bambo ake. Sindinamufunsepo, naye sananenepo. Kuno ku Matema, mu mzinda wa Tete, nyumba ya mayi ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, chitseko chongotsamira!

Kusukulu a diretori, a Patrício, andiitana. Lolemba likubwerali pa foromatura, ana onse atafola, ndikafotokoze ndakatulo ya chitseko ija, kenako Aissa wa kalasi ya 10 ailakatule pamtima. Mphindi zisanu, osapitirira, ana amakomoka padzuwa. "Zosavuta, profesora Beatriz. Muwauze kuti imaphunzitsa kukonda kwathu ndi kudikira ndi chiyembekezo."

Ndangoti chabwino. Ndakatulo zonse zili m'buku la Chipwitikizi lija, asankhe imeneyi.

Lachiwiri, 16

Ndaiwerenga mokweza, ndekha, m'kalasi mopanda ana. Chaka chino ndinali ndisanaitsegule.

Ndime zitatu. Wolankhula ndi munthu wa paulendo, akuuza a kunyumba. Ndime yoyamba akunyamuka m'bandakucha, akuti asapiringidze chitseko, abwera chakudya chisanazizire. Yachiwiri ali kutali, mvula yagwa n'kutha, yagwanso. Akutchula za kwawo, mpando wothyoka mwendo, mbuzi yakuba, mthunzi wa pakhomo, n'kubwereza pempho lomwe lija. Ana amaikonda yachiwiriyi, amaiimba ngati nyimbo, miyendo ikugunda pansi. Yachitatu amangoithamanga kuti akakhale pansi. Koma nkhani yonse ili m'menemo. Munthu uja sakumvanso ludzu, mapazi aleka kupweteka, udzu ukumera pamwamba pake. Ndipo mzere wobwerezabwereza uja wasintha: tsopano akuti atseke, agone, mphepo ikulowa.

Mawu oti imfa mulibe. N'chifukwa chake ana saiona.

Ndayesa kulemba. Tsamba lonse mawu a kukoleji, a mayeso. Ndang'amba. Mwana wa kalasi ya 7 ataima pafumbi, m'mimba mulibe kanthu, amve zimenezo? Zofunika ndi zinayi basi: akulankhula ndani, akuuza yani, chikuchitika n'chiyani, chasintha n'chiyani kumapeto.

Ndayesa ana a 8 B. Wapaulendoyu amabwerera? Onse pamodzi: amabwerera! Manja m'mwamba, nkhope zowala.

Tiya ali mu 8 A.

Lachinayi, 18

Ndabwerera kwa a Patrício. Ndawauza kuti zoti chiyembekezo sindinganene, chifukwa ndime yachitatu sikunena zimenezo. Akuti akudziwa, nawonso anaphunzira, koma foromatura si maliro. Ana angati pamzere paja bambo awo anatsala pamsewu kapena ku migodi? Ndati ndiye eni ake a ndakatuloyi amenewo. Tiziwanamiza chifukwa choti ndi ambiri? Mawu anga anakwera, mpaka mlembi wa mu ofesi anasuzumira.

Kenako motsitsa: "Mwana wanu adzakhala pamzere, profesora. Ndingathe kupatsa wina."

Ndakana. Wina akanena kuti tizidikira, mwana wanga n'kumva kuti sukulu yonse ikugwirizana naye. Pamapeto angoti ndichite mmene ndikuonera, koma mphindi zisanu.

Si munthu woipa. Anabwera kumaliro mpaka ku Ulóngwè.

Orlando, mwamuna wanga. Kamiyao, chilole chake chija, msewu wa ku Beira, moto. Bokosi linafika lokhomedwa, achimwene ake ndiwo anakamuzindikira. Tiya sanalire, anangoyang'ana misomali. Tili m'shapa, minibasi ija, pobwerera anandifunsa kamodzi kokha: "Mama, munawaona ndi maso anu?" Ndinati ayi. Ndikanati chiyani? Kuyambira pamenepo dzina la bambo ake silinatulukenso pakamwa pake.

Ankafika nthawi iliyonse munthu uja, osagogoda, kuopa kutidzutsa. Kukankha pang'onopang'ono, nsapato m'manja.

Lachisanu, 19

Ine ndi Aissa pansi pa mtengo, ana ataweruka. Mawu ali nawo, koma liwiro! Ndamuuza apume pakatha ndime iliyonse, ndipo asanayambe yachitatu awerenge mumtima mpaka katatu. Mzere womaliza asakweze, aunene ngati akuuza munthu amene ali pafupi. Wabwereza, pakati waima, wandiyang'ana. "Profesora, kodi anamwalira?" Ndati unene mmene waumveramo.

Tagwirizana: ine ndiyamba, iye atsiriza. Akatha, ine osawonjezapo kanthu. Ndakatulo ikhale yomaliza kumveka.

Megafoni mabatire ake ndi ofooka. Ndamuuza mlonda.

Loweruka, 20

Kuchapa. Ndimalankhula ndekha pabeseni, foni pamwala ikuwerenga nthawi. Poyamba mphindi zisanu ndi zitatu. Ndachotsa mbiri ya mlembi, kwatsala chiganizo chimodzi chokha. Ndachotsa za kamvekedwe ka mizere. Ndachotsa "ndakatuloyi ikutiphunzitsa kuti". Ndikayamba ndi funso, ana akayankha funso amatchera khutu. Osawerenga papepala, maso akapita pansi ana apita.

Dona Paula a nyumba yoyandikana anandimva pampanda, akuti ayesa ndayamba kulalikira. Kenako nkhani yawo ija: kwa a mekaniki kuseriku analowa akuba, anatenga ndi mapoto omwe. "Gulani loko, mayi, kiyi muzigona naye. Mwanayo asiya yekha." Kachitatu kundiuza. Ndati ndigula.

Kumsika ndinadutsa pa maloko. Ndabwera ndi tomato ndi sopo.

Lamulungu, 21

Ndimafuna kumuuziratu Tiya, asakadzidzimuke pagulu. Ndikumuluka tsitsi pakhonde, iye atandipatsa msana, ndinati mawa ndilankhula pa foromatura. Akuti akudziwa, sukulu yonse ikudziwa. "Ya chitseko. Ija amati musatseke."

Anainena mopepuka, ngati lamulo limene aliyense amalidziwa. Manja anga anaima m'tsitsi. Kani anaitenga m'menemo! Anailoweza ali kalasi ya 6, bambo ake atamugwirira buku, akumuseka kuti akuthamanga ngati shapa.

Ndinafunsa ngati akukumbukira ndime yachitatu. Akuti pang'ono.

Sindinapitirize. Mphunzitsi wa ana mazana, mwana mmodzi wandikanika pakhonde panga. Ndikuopa. Mwina mawa ndimuswa mtima pamaso pa anzake, adane nane. Mwina a Patrício akunena zoona.

Lolemba, 22

Zachitika.

Dzuwa linali litapsa kale. Mizere yonse, malaya oyera, fumbi. Nyimbo ya fuko, zolengeza za a diretori, kenako ine pa sitepe. Megafoni inalira, ana anaseka. Ndinadikira.

Ndinafunsa: ndani anadikirapo munthu amene anachedwa kubwera kunyumba? Manja ambiri, ena mwamanyazi. Ku 8 A sindinayang'ane. Ndinati ndakatuloyi tonse timaidziwa, koma lero tiimve ngati mawu a munthu amene akudikiridwayo. Ndime yoyamba, akulonjeza. Yachiwiri, wachedwa koma sanaiwale, onani mmene akukumbukira ngakhale mbuzi yakuba. Anaseka pang'ono, ndinasangalala kuti ali nane. Ndiye ndinati mu yachitatu mumvetsere zinthu zitatu: ludzu, mapazi, udzu. Kuno ku Tete, munthu woyenda padzuwa amasiya liti kumva ludzu? Udzu umamera pamwamba pa munthu wotani?

Zii. Ngakhale anyamata a kumbuyo aja.

Kamwana kena kutsogolo kanayankha m'Chinyungwe kuti wakufa. Ndinati eya, wamwalira, sabweranso. Mawu amenewa ndinawatchula bwinobwino, osazungulira. Kenako ndinati mlembi akanatha kuthera pomwepo, koma anamupatsa munthuyo mawu enanso amodzi. Kawiri konse anapempha kuti chitseko chisatsekedwe, kachitatu akupempha kuti chitsekedwe. Chifukwa chiyani? Akuona a kwawo sakugona, akuzizidwa chifukwa cha iye.

Apa Chipwitikizi chinandithawa. Ndinanena m'chinenero chathu, chimene ndinakonza ndi china: "Sanasiye kuwakonda. Akuti tsekani chifukwa amawakonda. Kutseka si kumutaya."

Ndinamupatsa Aissa megafoni. Anapuma pomwe tinagwirizana. Mzere womaliza anaunena motsitsa, megafoni n'kuthimanso, koma unamveka. M'manja munachedwa kuwombedwa. Aphunzitsi ena maso pansi. Atsikana awiri a kalasi ya 9 anatengedwa kupita kumthunzi, si dzuwa ayi.

Ndipamene ndinayang'ana ku 8 A. Tiya anali chiimire, maso pa ine, nkhope osagwedera. Belu.

A Patrício pakhonde: "Mphindi zisanu ndi imodzi, profesora." Anandigwira dzanja.

Kubwerera Tiya sanandidikire. Ndinamupeza atagona chafufumimba, yunifolomu ili m'thupi. Chakudya anakana. Dzuwa likulowa anatuluka, maso otupa, n'kudzakhala pansi pafupi ndi mwendo wanga. Analira mpaka chitenje changa chinanyowa, kulira kumene sanalire ku Ulóngwè. Anatchula "Papa" kambirimbiri. Ine ndinangomugwira mutu.

Atatopa anafunsa ngati mu ndakatulo muja anatsekadi. Ndinati mlembi sananene, anatisiyira ife.

Lachiwiri, 23

Chitsulo ndachipeza pomwe ndinachisiya. Chopiringidza, gwa. Tiya anagona mpaka ndinachita kumudzutsa, koyamba chichitikireni maliro. Wadya buledi yense, wapempha wina. Wanyamuka ndi anzake.

Ndiyenera kukondwa. Ndakondwa, Mulungu akudziwa.

Koma ine ndiye sindinagone. Ndimadikira kumva mapazi ake, kachitsulo kakukhudza khoma, kenako ndigone monga mwa masiku onse. Sikanakhudze. Miyezi yonseyi tulo tanga timabwera mwana akatsegula. Kusagula loko wa Dona Paula uja, si kuiwala ayi.

Nanenso sindinamuone ndi maso anga.

M'mawa ndinaima pachitseko, dzanja pa chitsulo, madzi a tiyi akuwira mpaka kuphwa. Ndakatulo ija ndinawafotokozera ana onse aja, anamva. Madzulo ano ndimupempha Tiya apiringidze yekha, ine ndikuona. Kenako andinenere ndime yachitatu, pang'onopang'ono.