Kabuku Kanga ka Makadi a Maliro

Mwazisi, Rumphi
14 Meyi

Okondedwa achimwene a Rodney,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Zomba pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Werengani kalatayi mutakhala pansi.

Mukukumbukira makadi amene tinalandira pa maliro a amayi? Onse ankanena chimodzimodzi, kuti nthawi yawo inakwana, tisalire. Panalibe ngakhale imodzi yotchula kuti amayi ankasoka mayunifolomu a ana a eni osalipiritsa. Zinandiwawa, ndipo ndinalumbira kuti ine sindidzalembera munthu mawu opanda kanthu ngati amenewo.

Chibwerereni kuno, aphunzitsi anzanga akasonkha chipepeso, khadi amandipatsa ine. Ndimalemba mizere inayi basi, chifukwa khadi imawerengedwa mokweza pasiwa ndipo wolira samva zambiri. Ndimatchula dzina la malemu ndi chinthu chimodzi chimene ndinawaona akuchita. Sindifotokozera Mulungu zifukwa zake, sindiletsa munthu kulira, ndipo mzere womaliza umakhala lonjezo loti tingalikwanitse.

Vuto ndi lakuti munthu akamwalira, aliyense amangoti anali wabwino. Ukafunsa kuti wabwino bwanji, amakuyang'ana ngati wawatukwana. Ndiye ine ndi nzeru zanga zija mumaziseka, ndinagula kabuku n'kumalembamo zabwino za anthu akadali moyo. Pachikuto ndinalembapo kuti "Za makadi a maliro". Ndipo poti uphunzitsi ndi matenda, tsamba lililonse ndinkaliika deti.

Mwezi watha tinataya a Hezron Mhango, bambo amene ankatikonzera mjigo wa pasukulu. Anangogwa m'chigafa akusankha fodya. Pa khadi ya mayi wamasiye, NyaGondwe, ndinalemba kuti:

A Hezron, mjigo munaukonza uja ukutulutsabe madzi,
ana akamamwa akutchula dzina lanu.
Amama, lirani, ife sitikuletsani.
Lachiwiri lililonse tidzabwera kudzakutungirani.

Itawerengedwa, NyaGondwe anandigwira dzanja nthawi yaitali, akungothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene. Khadiyo anaiika m'Baibulo mwawo. Malachiwiri atatu ndinapita ndi ndowa yanga.

Kenaka ndinaiwala kabuku kaja patebulo mu ofesi ya aphunzitsi. Anakatola ndi a Fiskani, amene amaphunzitsa Sitandade 6. Anapeza tsamba la a Hezron, za mjigo zili momwemo, deti yake ili masiku asanu ndi anayi iwo asanamwalire. Atatembenuza anapeza dzina la bambo awo omwe, a Laws, amene ndinawalemba chifukwa amaperekeza ana aang'ono njovu za m'nkhalango ya Vwaza zikatulukira kunjira.

Achimwene, a Laws agonekedwa kuchipatala ku boma kuyambira Lamlungu, ndipo akuti sakulankhula.

Ndinayesa kufotokoza. A Fiskani anandifunsa pamaso pa anzathu kuti munthu wabwinobwino amakonzeranji maliro a munthu amene akuyenda. Ndi mmene anafunsiramo, ngakhale ine ndinadziopa. Kabukuko anakana kundibwezera, ndipo ndamva kuti kakuyenda khomo ndi khomo. Muli maina makumi awiri ndi atatu.

Tsopano ndikafika pamjigo amayi amachotsa ndowa zawo n'kundisiyira ndekha. Ana asanu ndi awiri asiya kubwera m'kalasi mwanga. Dzulo m'mawa ndinapeza nthambi yaminga itagonekedwa pakhomo panga, ndipo palibe amene wandiuza tanthauzo lake.

Lachiwiri lapitali ndinapitabe kwa NyaGondwe, poti ndinalonjeza. Madziwo analandira, koma anakawathira kuseri kwa nyumba, azilamu awo akuyang'ana. Pondiperekeza anandinong'oneza kuti khadi ija sanaitaye ngakhale anauzidwa kuti aiotche. Anati abale a anthu a m'kabuku agwirizana zokumana Loweruka, ndipo a Laws akapanda kudzuka, ndisadikire kuitanidwa, ndithawiretu.

Ndikuopa, achimwene. Ahedi akuti alembera ku ofesi ya maphunziro za transifa, koma mukudziwa mmene makalata a boma amayendera. Pafoni ndakanika kukuuzani, makoma a nyumba zathuzi ndi opyapyala, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya fodya. Chonde bwerani Loweruka lisanafike, mutenge makadi a amayi aja ngati mukadali nawo. Mwina anthuwa akawaona, n'kumva kwa inu chimene chinandiyambitsa, adzakhulupirira kuti ndinkalemba chifukwa chowakonda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, Kate ndi Brightson. Atate musawauze kaye. Ambuye akusungeni, ndipo muwapempherere a Laws kuposa mmene mukundipempherera ine.

Mukachedwa, khadi yanga mudzalembe nokha. Mizere inayi yokha, ndipo musadzalole aliyense kulembapo kuti nthawi yanga inakwana.

Ndine mlongo wanu,
Tryness