Fodya wa ababa

Lachiwiri

Florence 10:12
ndayiona essay yako mmagazini. congrats

Florence 10:13
yanga a Misheck a editor abweza. akuti ikumveka ngati ulaliki. miyambi 9 ine, iwe umodzi basi. nkhani ya ababa yomweyo

Sofia 10:31
asisi pepani. nditumizireni ndione

Florence 10:32
ababa ndimawasambitsa ndine kuno ku kabudula. iwe umabwera pa khrisimasi ndi kanotebook

Sofia 12:05
ndawerenga. ndinene?

Florence 12:05
nena professor

Sofia 12:09
paragraph iliyonse mwayamba ndi "akuluakulu anati", mwatseka ndi "izi zikutiphunzitsa kuti". ababa sakuoneka. ine mwambi ndinausiya mkamwa mwawo, ali pamphasa akusankha fodya, ine nditakwiya. sindinaumasulire. ndinangolemba kuti tsiku limenelo sindinagwirizane nawo

Florence 12:10
ndiye owerenga adziwa bwanji phunziro

Sofia 12:11
ali ndi mitu asisi. mukawatafunira amalavula

Florence 12:11
ok

Lachinayi

Florence 15:40
ababa ndawawerengera zonse ziwiri pakhonde. yanga afunsa kuti alemba ndi abusa ati

Florence 15:41
yako akuti bwereza. kawiri. zandipweteka sindinama

Sofia 15:44
asisi

Florence 15:52
[voice note 0:41] Koma usanyade. Walemba kuti munthu wina wa ku Nambuma anapachika fodya mothithikana m'chigafa, mphepo osadutsa, yense nkuola, iye nkunamizira mng'ono wake, eti? Munthu winayo ndi ababa. Mng'onoyo ndi a Isaki, amene anapita ku esiteti osabwerako aja. Anandiuza chaka chatha ndikuwameta. Anati ndiime kaye, lezala ili m'manja, mutu nditameta mbali imodzi.

Sofia 15:58
mukunama

Florence 15:58
afunse

Sofia 16:03
ndiye zimenezi mu essay yanu zili pati?

Florence 16:04
ndinaikapo mwambi wa kukhululuka uja. page 2

Sofia 16:06
munabisa ababa kuseri kwa mwambi. chotsani yonse 9. yambani ndi lezala. afotokoze okha mmene amafotokozera, kuti "munthu wina". inu mulembe zimene manja anu anachita. osawaweruza, osatiphunzitsa. koma muwapemphe kaye

Florence 16:40
ndawapempha. akuti lemba, mwina a Isaki ali ndi mwana wodziwa kuwerenga

Florence 16:41
mwambi ndisiya umodzi, umene ananena ndikumaliza kuwameta. sinditanthauzira

Florence 17:15
sofia

Florence 17:30
ukuwerenga ndikuona blue ticks

Sofia 17:48
ine nkhaniyi anandiuza kasanu. ndinakhala nawo masiku atatu ndikulemba

Sofia 17:49
kasanu konse anati munthu wina

Florence 17:50
ndikamaliza ndikutumizire uyione?

Lachisanu

Florence 07:20
sofia?